Kasitomala Akapanda Kuyankha Kalata ya Ngongole

Mu 1938, ku America kunaululika kuti kampani yogulitsa mankhwala ya McKesson & Robbins inali italemba m'mabuku ake katundu komanso ngongole za makasitomala zokwana pafupifupi madola 19 miliyoni, pomwe zonsezo kunalibe. Makasitomalawo anali ongopeka, ndipo ofufuza mabuku anakhulupirira mapepala a kampaniyo osafunsa kwa eni ngongolewo. Chaka chotsatira, bungwe la akatswiri owerengera ndalama m'dzikolo linakhazikitsa kuti wofufuza azifunsa yekha kwa amene akuti ali ndi ngongole. Masiku ano ntchitoyi imatsata lamulo la ISA 505, lomwe limagwiritsidwa ntchito m'maiko ambiri.

Kafunsidwe kake ndi ka kalata. Imalembedwa m'dzina la kampani, popeza kasitomala sangaulule za ngongole yake kwa mlendo, koma wosankha oti alemberedwe, wotsimikiza adiresi, wotumiza ndi wolandira yankho ndi wofufuzayo. Yankho likadzera m'manja mwa kalaliki wa kampani, mphamvu yake yatha, chifukwa kalalikiyo akhoza kudzilembera yekha. Pali kalata ina yomwe imati kasitomala ayankhe pokhapokha ngati sakugwirizana ndi chiwerengero. Ine imeneyi sindiikhulupirira kwenikweni: munthu wovomereza, munthu amene kalata sinamufike, ndi munthu amene kulibeko, onse amakhala chete mofanana. Yodalirika ndi imene imapempha yankho, kaya akuvomera kaya akukana.

Koma mayankho ambiri sabwera. Ena amaopa kuti akasaina ndiye kuti awalonjerera ngongole, ena kalata imangokhala pa tebulo. Kukhala chete si kuvomera, komanso si umboni wa chinyengo. Wofufuza amayamba waonanso ngati adiresi inali yolondola, amatumiza kalata yachiwiri, mwinanso kuimba foni. Zikakanika, amatsata ndalama ndi katundu.

Tiyerekeze kuti kampani yogulitsa katundu mopikulitsa imatseka mabuku pa 31 Disembala, ndipo akuonetsa kuti sitolo ina ili ndi ngongole ya K4,800,000. Ngongoleyo ili pa mainvoisi atatu: ya K2,000,000, ya K1,500,000 ndi ya K1,300,000. Makalata awiri apita, mwini sitolo ali zii.

Wofufuza amatsegula sitetimenti ya banki ya Januwale ndi Febuluwale, ndipo akupeza kuti pa 20 Januwale sitoloyo inalipira K3,500,000. Umboni umenewu ndi wamphamvu, chifukwa munthu salipira ngongole yomwe alibe. Komabe mpofunika kufatsa. Kodi dzina la wolipira pa sitetimentiyo ndi la sitoloyo, kapena ndi ndalama za kasitomala wina zomwe zalembedwa pamenepa kuti zitseke dzenje? Nanga zikulipira chiyani? Ngati sitoloyo inatenganso katundu wina mu Januwale, mwina ndalamazo ndi za katundu watsopanoyo, ndipo sizikunena kanthu za ngongole ya Disembala. N'chifukwa chake amafuna kapepala kobwera ndi malipiro, kosonyeza manambala a mainvoisi. Apa kakutchula mainvoisi awiri oyamba, ndipo K2,000,000 kuphatikiza K1,500,000 ikukwanadi K3,500,000. Gawo limenelo latsimikizika.

Yatsala K1,300,000, yosalipidwa. Invoisi payokha siikwanira, popeza anailemba ndi kampani yomwe ikufufuzidwayo. Chofunika ndi mapepala omwe dzanja la munthu wakunja linakhudza: oda yochokera kwa kasitomala, ndi chikalata chomwe wa kusitolo anasaina ndi kudinda polandira katundu. Invoisiyo ndi ya pa 29 Disembala, koma buku la pageti likuonetsa kuti lole inatuluka pa 3 Januwale, ndipo chidindo cha sitolo ndi cha tsiku lomwelo. Ngati mgwirizano umati malonda amatheka katundu akafika, ndiye kuti pa 31 Disembala ngongole imeneyi inali isanabadwe. Malonda ndi ngongole za chaka chathacho zakwezedwa ndi K1,300,000, ndipo katunduyo amayenera kuwerengedwa ngati akadali m'nyumba yosungira. Wofufuza amapempha kuti mabuku akonzedwe, kenako amaunika mainvoisi ena a sabata yomaliza ya chaka kuti aone ngati linali vuto la kamodzi kapena ndi chizolowezi.

Nthawi zina njira zonsezi zimagwa. Kasitomala sanayankhe, sanalipire, chikalata cholandirira katundu "chasowa", mwinanso akuluakulu a kampani akukana kuti alemberedwe popanda chifukwa chomveka. Zikatero wofufuza amawonjezera makasitomala oti awafufuze, amadziwitsa bodi ya kampani, ndipo ngati ndalama zosatsimikizikazo n'zochuluka moti zingasocheretse banki kapena eni masheya, amalemba mu lipoti lake kuti pa ngongolezi sanapeze umboni wokwanira.