Avareji Ndi Imodzi, Koma Makalasi Ndi Osiyana

Teremu ikatha, aphunzitsi aakulu ambiri amayamba kuyang'ana nambala imodzi: avareji ya kalasi. Akaona kuti Fomu 2A yapeza 60 pa masamu ndipo Fomu 2B yapezanso 60, amangoti makalasi awiriwa akuyenda mofanana. Komatu avareji ili ndi khalidwe lobisa zinthu.

Kuti masamu ake asavute, kalasi iliyonse ikhale ndi ana asanu okha. Mu 2A malikisi ndi 55, 58, 60, 62 ndi 65. Mu 2B ndi 30, 45, 60, 75 ndi 90. Kuphatikiza malikisi a kalasi iliyonse kukupereka 300, ndipo kugawa ndi 5 kukupereka 60. Koma ngati malikisi okhozera ali 50, mu 2A aliyense wakhoza, pamene mu 2B ana awiri alakwa, mmodzi mwa iwo walephereratu. Mphunzitsi wa 2A akhoza kuphunzitsa onse pa liwiro limodzi. Wa 2B ali pa mpanipani: akafulumira ataya mwana wa 30, akachedwa wa 90 ayamba kuwodzera.

Nambala imene imaulula kusiyana kumeneku ndi sitandadi diviyeshoni, dzina limene katswiri wa masamu wa ku England, Karl Pearson, anayamba kuligwiritsa ntchito cha m'ma 1893. Imayankha funso losavuta: kodi malikisi a ana atalikirana bwanji ndi avareji? Ikakhala yaing'ono, ndiye kuti ana aunjikana pafupi ndi avareji. Ikakula, amwazikana.

Kapezedwe kake kamayamba ndi kuona mtunda wa mwana aliyense kuchokera pa 60. Mu 2A, wa 55 watsalira ndi 5, wa 58 watsalira ndi 2, wa 60 ali pomwepo, wa 62 wapitirira ndi 2, ndipo wa 65 wapitirira ndi 5. Munthu angaganize zongophatikiza mitundayi, koma otsalira ndi opitirira amafafanizana, yankho n'kukhala 0 nthawi zonse, kalasi ikhale yotani. N'chifukwa chake mtunda uliwonse amauchulukitsa ndi iwo womwe: 5 amasanduka 25, 2 amasanduka 4. Zonse pamodzi, 25, 4, 0, 4 ndi 25, zikukwana 58. Kugawa ndi ana asanu kukupereka 11.6. Popeza manambala aja anakulitsidwa dala, pomaliza amawabweza potenga sikweya ruti, ndipo yankho ndi pafupifupi 3.4.

Mu 2B mitunda ndi 30, 15, 0, 15 ndi 30. Ikachulukitsidwa motero ikukwana 2,250, kugawa ndi 5 ndi 450, ndipo sikweya ruti yake ndi pafupifupi 21.2. Malikisi a 2B amwazikana kuposa a 2A maulendo asanu ndi kamodzi, chinthu chimene avareji sinanene n'komwe.

Pakompyuta, mu Excel, ntchito yonseyi imatheka ndi mzere umodzi:

```
=STDEV.P(A1:A5)
```

Palinso STDEV.S, imene imagawa ndi chiwerengero cha ana kuchotsapo mmodzi. Imeneyi ndi ya pamene ana asanuwo angosankhidwa kuti aimire gulu lalikulu, ndipo pa 2A ikupereka 3.8. Aphunzitsi awiri akapeza mayankho osiyana pang'ono pa malikisi omwewo, kawirikawiri gwero lake limakhala pamenepa.

Koma nambalayi nayonso ikhoza kusocheretsa munthu. Kuchulukitsa kuja kumapatsa mphamvu zambiri malikisi amene ali kutali kwambiri ndi anzawo. Mwana wa 55 uja atadwala malungo tsiku la mayeso n'kulemberedwa 0, avareji ya 2A ingatsike kufika pa 49, ndipo sitandadi diviyeshoni ingalumphe kufika pa 24.6, kuposa ya 2B. Chikhalirecho ana anayi otsalawo akadali pakati pa 58 ndi 65. Choncho nambala ikakula modabwitsa, mphunzitsi wochenjera amatsegula kaundula wa malikisi kaye kuti aone ngati kalasi yonse yamwazikanadi kapena ndi mwana mmodzi yekha amene wakoka zinthu.

Si zoonanso kuti ikachepa ndiye kuti zonse zili bwino. Kalasi imene ana onse apeza pakati pa 18 ndi 22 ili ndi sitandadi diviyeshoni yaing'ono kwambiri, koma onsewo alakwa. Mayeso ophweka mopitirira muyezo nawonso amaunjika ana onse pamwamba, moti wodziwa ndi wongoloweza saonekera.

Kwa kholo limene lagwira lipoti la mwana, nkhaniyi ili ndi phindu lake. Mwana wopeza 70 m'kalasi yonga 2A waposa avareji ndi masitandadi diviyeshoni pafupifupi atatu, kutanthauza kuti wawasiya anzake kutali zedi. Malikisi 70 omwewo m'kalasi yonga 2B sakukwana ndi theka lomwe la sitandadi diviyeshoni imodzi, ndipo pa ana asanu aja alipo awiri amene amuposa.