Magazi akamangochepa mwa okalamba: matenda a MDS

Munthu wachikulire akamafooka ndi kuchita phuma poyenda, ambiri timangoti ndi ukalamba. Kuchipatala akapeza kuti magazi ndi ochepa, amampatsa mapilitsi a ayironi. Koma pali kuchepa kwa magazi kwina kumene ayironi sathetsa, chifukwa vuto lili kumene magaziwo amapangidwira, m'mafuta a m'mafupa. Amenewa ndi matenda a mayelodisipulaziya, mwachidule MDS, ndipo ambiri amapezeka nawo ali ndi zaka za m'ma 70.

Tiyerekeze bambo wa zaka 72 amene himogulobini yake yatsika kufika pa 8, pamene mwamuna imayenera kukhala 13 kapena kuposa. Wamwa ayironi miyezi ingapo, osasintha. Dokotala akayang'anitsitsa zotsatira, amaona kuti maselo ofiira ndi aakulu mopitirira muyezo, pamene munthu wosowa ayironi amakhala ndi maselo aang'ono. Mwinanso maselo oyera achepa, n'chifukwa chake bamboyo akudwaladwala, kapena mapulateleti atsika ndipo nkhama zikutuluka magazi.

Dokotala sathamangira kunena kuti ndi MDS. Kusowa kwa vitamini B12 kapena foleti, HIV, mowa wambiri ndi mankhwala ena monga zidovudini zimasokoneza maselo mofananamo. Amayamba wayeza zimenezi, ndipo zikapanda kupezeka m'pamene amabaya fupa la m'chiuno chakumbuyo, atachititsa dzanzi malowo, n'kutengako mafuta pang'ono.

Chodabwitsa n'chakuti nthawi zambiri mafutawo amapezeka odzaza ndi maselo. Zili ngati uvuni wodzaza njerwa zimene zikuphwanyika zisanafike pomangira: maselo akupangidwa ambiri, koma ndi opunduka ndipo amafera momwemo. Pa maikulosikopu, selo loyera limene phata lake limayenera kugawika zigawo zitatu mpaka zisanu limaoneka ndi ziwiri zokha, ngati magalasi a m'maso. Maselo obala mapulateleti, amene amakhala akuluakulu, amaoneka onyentchera. M'maselo ofiira osakhwima, utoto wapadera umaonetsa timadontho ta ayironi titazungulira phata ngati mkanda. Ayironi alipo, koma selo likulephera kumugwiritsa ntchito. Kuti kupundukaku kuwerengedwe, kuyenera kuoneka m'maselo osachepera 10 pa 100 aliwonse a mtundu umodzi.

Amawerenganso maselo akhanda otchedwa mabulasiti. Mwa munthu wabwinobwino safika 5 pa 100. Akamachuluka, matendawo akukula, ndipo akafika 20 pa 100 ndiye kuti asanduka khansa ya m'magazi yofulumira. Zimenezi zimachitikira pafupifupi wodwala mmodzi mwa atatu.

Bambo wathu uja, ngati mabulasiti ake ndi ochepa, angakhale zaka zingapo akuthiridwa magazi nthawi ndi nthawi kapena kubayidwa jakisoni wolimbikitsa kupanga maselo ofiira. Ayironi wowonjezera angamuvulaze, popeza magazi othiridwawo amasiya kale ayironi wambiri m'thupi. Choncho kholo lanu likamwa mapilitsi koma magazi osakwera, bwererani kuchipatala mukafunse chimene chikuwachepetsa.