Mita Imodzi, Nyumba Zinayi: Aliyense Alipire Magetsi Amene Wagwiritsa Ntchito

M'maploti ambiri a ku Ndirande, Kawale, Chinsapo ndi Zolozolo, nyumba zingapo za lendi zimadalira mita imodzi ya ESCOM. Mayunitsi akatha mdima umagwera onse nthawi imodzi, ndipo mkangano umayambira pomwepo. Wina akuti iye ali ndi mababu awiri ndi tchaja ya foni basi, wina akuloza mnzake kuti amaphika nyemba pa hotipuleti, winanso akuti sabata yonse anali kumudzi. Mawu anga akupita kwa inu alendi okhala pa ploti yotere, ndipo eni nyumba amvere limodzi. Njira yothetsera mkanganowu ndi kuika kamita kakang'ono pa nyumba iliyonse, kamene amisiri amakatchula kuti sabumita kapena chekimita. Koma kuika kokhako sikukwanira. Muyeneranso kudziwa kawerengedwe kake ndi kugwirizana pa mayunitsi amene sadzaoneka pa sabumita ya munthu aliyense.

Tiyambe ndi yunitsi. Chipangizo chilichonse chamagetsi chimalembedwa mphamvu yake m'mawati, kawirikawiri kunsi kapena kumbuyo kwake, ndi chilembo cha W. Yunitsi imodzi, imene pa mita imalembedwa kuti kWh, imatha pamene chipangizo cha mawati 1,000 chayaka kwa ola lathunthu. Babu la mawati 9 loyaka maola 5 usiku uliwonse silimaliza ngakhale yunitsi imodzi ndi theka pamwezi. Hotipuleti ya mawati 1,500 ikayaka maola awiri patsiku imatha kudya mayunitsi 3, ndipo pamwezi amafika 90. Ndiye chifukwa chake kugawana ndalama mofanana, kapena kuwerenga zipinda ndi mababu, kumapweteka munthu wosauka. Zimene zimadya magetsi kwambiri ndi zotenthetsa, monga hotipuleti, ketulo, ayironi ndi hita ya madzi, ndipo zimenezi munthu amazilowetsa m'nyumba mnzake osaziona.

Kumene sabumita imakhala

Mita ya ESCOM imakhalabe pamalo pake, ndipo palibe amene ayenera kuitsegula, kuisuntha kapena kudula chidindo chake. Kutero ndi mlandu. Sabumita imaikidwa patsogolo pa mita yaikuluyo, pa waya wopita ku nyumba imodzi, kuti magetsi onse olowa m'nyumbayo azidutsa mmenemo. Ndi katundu wa eni nyumba kapena wa alendi. ESCOM imangodziwa mita yake yokha, choncho zimene sabumita ikuonetsa ndi nkhani ya pakati pa inu eni.

Ntchitoyi aigwire mmisiri wa zamagetsi amene ali ndi chilolezo cha MERA, ndipo eni nyumba avomereze kaye. Chovuta chachikulu pa maploti akale ndi mawaya. Nthawi zambiri nyumba zinamangidwa imodziimodzi, waya n'kumangolumikizidwa kuchokera ku nyumba yoyandikana nayo. Zikatero soketi ya kuchipinda kwanu ikhoza kukhala pa waya wa mnzanu. Mmisiri ayenera kulekanitsa mawayawo kuti nyumba iliyonse ikhale ndi njira yakeyake ndi buleka yakeyake, apo ayi sabumita idzakuwerengerani magetsi a wina. Ngati eni nyumba amakhala pa ploti pomwepo, nawonso akhale ndi sabumita yawo. Masabumita onse akhale pamalo amodzi osanyowa ndi mvula, m'bokosi lotsekedwa koma loti manambala azioneka kwa aliyense.

Kuwerenga mwezi umodzi

Pali kusiyana kumodzi kumene kumasokoneza anthu. Mita ya ESCOM yogulira mayunitsi imawerenga chotsika, kusonyeza amene atsala. Sabumita wamba imawerenga chokwera, ndipo siibwerera pa ziro mwezi ukatha. Kuti mudziwe zimene nyumba yagwiritsa ntchito, mumachotsa nambala ya mwezi watha pa nambala ya lero. Ngati pa 1 Juni inkaonetsa 412 ndipo pa 1 Julaye ikuonetsa 497, nyumbayo yadya mayunitsi 85. Samalani ndi nambala yomalizira, imene pa mamita ena imakhala yofiira kapena imabwera patsogolo pa kadontho. Imeneyo ndi kagawo chabe ka yunitsi. Mukaiwerenga ngati nambala yathunthu, 497.3 isanduka 4,973.

Tiyerekeze ploti ya nyumba zinayi. Pa 1 Juni mita yaikulu inali ndi mayunitsi 40. M'kati mwa mwezi anagula mayunitsi 300, ndipo pa 1 Julaye atsala 30. Ploti yonse yadya mayunitsi 310. Masabumita akuonetsa kuti banja lophika pa magetsi ladya 150, banja la filiji, wailesi yakanema ndi ayironi ladya 85, banja lachitatu 40, ndipo mnyamata wokhala yekha m'chipinda chimodzi wadya 15. Mukaphatikiza mukupeza 290. Mayunitsi 20 sakuoneka pa sabumita ya aliyense.

Apa ndi pamene maploti ambiri amayambiranso kukangana, poganiza kuti wina waba. Musafulumire. Pa ploti yathuyi pali mababu awiri a panja, lililonse la mawati 20, oyaka maola 12 usiku uliwonse. Awiriwo amadya mayunitsi opitirira pang'ono 14 pamwezi. Otsalawo, osakwana 6, ali ndi kochokera. Sabumita iliyonse imadya timagetsi tochepa kuti igwire ntchito usana ndi usiku, mawaya amataya pang'ono, ndipo palibe mita yowerenga ndendende. Ngakhale yabwino, yolembedwa kuti Class 1, imaloledwa kuphonya ndi yunitsi imodzi pa 100 alionse. Choncho masabumita sadzafanana ndi mita yaikulu mwezi uliwonse, ndipo chofunika ndi kugwirizana kagawidwe ka kusiyanako. Popeza kuwala kwa panja kumathandiza aliyense mofanana, njira yosavuta ndi kugawa mayunitsi 20 aja panayi, nyumba iliyonse itenge 5.

Mtengo wa yunitsi musautenge m'mutu kapena kwa anthu a ploti ina. Utengeni pa malisiti kapena pa mauthenga amene amabwera ndi tokeni mukagula pa Airtel Money kapena Mpamba. Phatikizani ndalama zonse za mwezi umenewo, muzigawe ndi mayunitsi onse amene munalandira. Mukatero msonkho ulowa momwemo, ndipo ngati mayunitsi ena anagulidwa motsika mtengo kuposa ena, phindulo ligwera onse, osati amene anayamba kugula yekha. Kuti masamu aphweke, tinene kuti mayunitsi 300 aja anagulidwa pa K30,000, kutanthauza K100 yunitsi imodzi. Uwu ndi mtengo wongoyerekeza, inu mudzaika wa pa lisiti lanu.

Banja loyamba lilipira mayunitsi 155, ndiye K15,500. Lachiwiri lilipira 90, ndiye K9,000. Lachitatu lilipira 45, ndiye K4,500, ndipo mnyamata uja alipira 20, ndiye K2,000. Zonse pamodzi ndi K31,000, mtengo wa mayunitsi 310. Akanagawana mofanana, aliyense akanapereka K7,750. Mnyamatayo akanalipira pafupifupi kanayi kuposa zimene anagwiritsa ntchito, pamene banja lophika pa magetsi likanangolipira theka la gawo lake.

Popeza mayunitsi a ESCOM amagulidwa asanagwiritsidwe ntchito, ndalama zimafunika kumayambiriro kwa mwezi, pamene kuwerenga kumachitika kumapeto. Njira yake ndi yoti aliyense apereke ndalama yoyandikira gawo lake la mwezi watha, ndipo kuwerenga kukachitika muone amene wapitirira ndi amene waperewera. Mnyamata uja akapereka K3,000 n'kudya za K2,000, K1,000 yake ipite ku mwezi wotsatira. Zonsezi zilembedwe m'kope limodzi, ndi tsiku, nambala ya pa mita iliyonse, ndalama ndi mayunitsi ogulidwa. Werengani mamita onse tsiku limodzi ndi ola limodzi, anthu osachepera awiri a nyumba zosiyana alipo, ndipo mujambule manambalawo pa foni.

Mmene mungadziwire kuti china chalakwika

Chizindikiro choyamba ndi mayunitsi osaoneka aja. Ngati mwezi ndi mwezi amakhala cha m'ma 20, kenaka adumpha kufika 60 popanda babu latsopano la panja, ndiye kuti pali chipangizo chimene chikudya magetsi osadutsa pa sabumita. Mwina wina walumikiza soketi kumbuyo kwa sabumita yake, mwina sabumita ina yaima. Kuti mupeze, thimitsani mabuleka a nyumba zonse ndi mababu a panja, muone ngati mita yaikulu ikuwerengabe. Kenaka yatsani nyumba imodziimodzi, muyatse ketulo mmenemo, muone ngati sabumita yake ikuyenda.

Ngati mukukayikira sabumita yanu, yang'anani kanyali kofiira kamene kamaphethira magetsi akamadutsa. Thimitsani zonse m'nyumba mwanu, muzule mapulagi onse, filiji yomwe. Kanyaliko kayenera kusiya kuphethira. Kakamaphethirabe, ndiye kuti waya wanu ukudyetsa soketi ya wina, kapena magetsi akutayikira pa waya wosupuka. Zikatero itanani mmisiri tsiku lomwelo, chifukwa waya wotere amatha kugwira munthu kapena kuyambitsa moto.

Mungayesenso ngati ikuwerenga molondola. Pafupi ndi kanyaliko pamalembedwa nambala, monga 1600 imp/kWh, kutanthauza kuti kamaphethira ka 1,600 pa yunitsi imodzi. Ketulo ya mawati 2,000 ikayaka yokha kwa mphindi 3 imadya gawo limodzi mwa magawo 10 a yunitsi, choncho muyembekeze kuphethira pafupifupi ka 160. Magetsi akakhala ofooka nambalayo imatsikirako pang'ono. Koma mukapeza ka 300, sabumitayo ndi yofunika kuionetsa kwa mmisiri. Ayironi siyenera pa kuyesaku chifukwa imadzithimitsa ndi kudziyatsa yokha.

Zimene sabumita siingathe

Sabumita siionjezera mphamvu ya magetsi obwera pa ploti. Nyumba zonse zikayatsa mahotipuleti ndi maketulo nthawi imodzi madzulo, buleka yaikulu idzagwabe. Sabumita wamba siimudulanso munthu amene sanalipire. Iye apitiriza kuphika pa mayunitsi a anzake mpaka ploti yonse itazima. Choncho gwirizanani tsiku lomaliza kupereka ndalama, ndi chimene eni nyumba adzachite munthu akapitirira tsikulo, ndipo mulembe zimenezi patsamba loyamba la kope lija. Mlendi watsopano akamalowa, lembani nambala ya pa sabumita tsiku lomwelo iye akuona, ndipo wotuluka awerengeredwe asanapereke makiyi.

Ngati pa ploti pali wina wochita bizinesi yodya magetsi ambiri, monga saluni kapena kuwotcherera zitsulo, ndi bwino eni nyumba akamupemphere mita yakeyake ku ESCOM. Kwa enanu, kumanani ndi eni nyumba mwezi uno usanathe, mugwirizane za mmisiri, za amene agule masabumita, za tsiku lowerenga ndi za amene asunge kope.