Linki kwa akulu: ndani akugogoda pa citseko ca mnzake?

Uthenga ndinautumiza ndili mu minibasi, titangodutsa pa tologeti ya Shimabala kuyenda ku Lusaka. Unali wa mizele iwili cabe: moni, kenako linki ya Calendly na mau akuti asankhepo nthawi imene ali na mpata. Amene ndinali kuwalembela ni atate ena a ku Nangongwe, amene anaseŵenza zaka zambili m'mafakitale a Kafue ndipo manje anapuma pa nchito. Ndinali kufuna andisimbile mmene tauni inalili masiku aja Nitrogen Chemicals na Kafue Textiles zinali kulemba anthu nchito, ndipo mkonzi wanga anandipatsa sabata imodzi.

Tumizele tuwili twa pa WhatsApp tunasanduka twa buluu tisanafike na pa Chilanga pomwe. Yankho silinabwele tsiku limenelo, ngakhale mawa lake. Pa tsiku lacinayi azakhali anga, amene amapemphela nawo chalichi cimodzi, ndiwo anandiuza pamene panalakwika. Ati mdala anafunsa ngati masiku ano mwana akafuna kuona mkulu, mkuluyo ndiye amayamba walembetsa dzina pa mzele monga ku kiliniki.

Ine ndinali kuganiza kuti ndawapeputsila zinthu. Linki yotele imatsegula tsamba loonetsa masiku na maola amene mwini wake ali na mpata. Munthu amasankha tsiku na ola, amalemba dzina na imelo, ndipo nthawiyo imaloŵa yokha mu kalenda ya mwini linki. Palibe zofunsana kasanu kuti "nanga pa Cinayi?" Koma onani amene wagwila nchito pamenepo. Wotumiza wangokopela linki, basi. Wolandila ndiye atsegule tsamba na bandulo yake, aŵelenge Cizungu ca "Select a Date & Time", afufuze tsiku, alembe imelo pa tumabatani tung'ono, atinike "Schedule Event". Ndipo zonsezi azicita posankha pa nyenyeswa za nthawi zimene wamng'ono wasiya. Wopempha ndine, koma wogogoda pa citseko anakhala iwo.

Si nkhani ya ku Nangongwe cabe. Calendly anaiyambitsa mu 2013 Tope Awotona, wobadwila ku Nigeria amene akhala ku America, ndipo mu Januwale 2022 kunabuka mkangano waukulu pa Twitter pamene Sam Lessin, amene kale anali mmodzi wa akuluakulu a Facebook, anadandaula kuti kutumizila munthu linki yotele kuli monga kumuonetsa kuti iwe ndiwe wofunika kuposa iye. Ambili anamutsutsa. Koma ngati anthu amene amadya na kugona pa kompyuta anakangana pa zimenezi, nanga mdala amene anakula pa nthawi imene wofuna kuona mkulu anali kuyenda yekha, kugwada pa khomo na kuyembekeza kuti auzidwe tsiku lobwelanso?

Kuno kwathu palinso cina. ZICTA na makampani a mafoni akhala akucenjeza anthu za mauthenga a akathyali, ndipo makolo ambili ana awo anawaphunzitsa lamulo limodzi: linki imene simuidziŵa musaikhudze. Manje iwe wabwela na linki yopempha dzina na imelo, popanda kufotokoza kuti ni ya ciani. Ngakhale munthu asakhumudwe, angaope.

Pa tsiku lacisanu ndinafona. Sindinachule za linki mpaka kumapeto. Ndinapepesa kuti ndinalemba mothamanga, ndinafotokoza nkhani imene ndinali kulemba na cifukwa cake ndinasankha iwo. Atavomela, ndinatumiza uthenga wina kuti zimene tinakamba zikhale zolembedwa, ndipo uwu ndiwo ndikanayamba nawo:

"Muli bwanji atate. Ndine uja mtolankhani, mwana wa mlongo wawo wa amai aja mupemphela nawo. Ndipempha mamineti 30 kuti mundisimbile za nchito za m'mafakitale kale. Ndidzabwela kunyumba kwanu. Ngati cingatheke, ningafike pa Ciwili 16:00, pa Cinayi 10:00 kapena pa Ciŵelu 15:00. Ngati zonsezi sizikuyenelani, ndiuzeni tsiku lanu, ine ndidzasintha zanga. Mukangoyankha pano, zotsala ndidzakonza ndine."

Mu uthenga umenewu mulibe linki, ndipo ndiye cinthu coyamba cimene ndinaphunzila. Kalenda yanga ndinaitsegula ndine, ndinasankhamo nthawi zitatu na kuzilemba m'mau wamba. Munthu angayankhe na liu limodzi, "Cinayi", ngakhale na uthenga wa mau ali khale pa mpando. Zitatu zikwanila. Imodzi imamveka monga lamulo, zisanu na ziŵili zimabwezela munthu nchito yomwe ija yofufuza. Ciganizo cakuti "ine ndidzasintha zanga" ndico cinyamula ulemu wonse, cifukwa cionetsa kuti kalenda ya mkulu ndiyo ikulamula. Koma osacilemba ngati simuli okonzeka kupempha cilolezo ku nchito.

Anayankha kuti Cinayi. Ndinatsegula linki yanga ndekha na kutseka ola limenelo kuti wina asalitenge. Pa malo a imelo ndinaika yanga, pakuti iwo saseŵenzetsa imelo. Apa m'pofunika kusamala: uthenga wotsimikiza na wokumbutsa umapita ku imelo imene yalembedwa, motelo mdala sadzalandila ciliconse. Kukumbutsa kumakhala kwa iwe. Ndinafona pa Citatu madzulo.

Kodi ndiye kuti linki osaitumiza konse kwa munthu wamkulu? Iyai. Pali akulu ena, monga abwana a mu ofesi ku Lusaka kapena aphunzitsi a ku koleji, amene tsiku lawo lonse lili mu kalenda ya pa foni, ndipo iwo linki imawathandiza. Cofunika ni pamene mwaiika. Ibwele kumapeto, pambuyo pa nthawi zitatu zija, ili na cifukwa cake: "Ngati cingakupepukileni kuona masiku ena amene ndili na mpata, ali pa linki iyi. Idzapempha dzina na imelo cabe, sipempha ndalama kapena PIN. Koma kuyankha pano nakonso kuli bwino." Mwawauza cimene adzapeza akatsegula, ndipo mwasiya khomo lina lotsegula. Mau amene ine ndinaleka ni aja akuti "sankhani nthawi pa kalenda yanga". Vuto lili pa "yanga".

Ngati abwanawo ali na mlembi, funsani coyamba mmene iwo amakonzela zokumana. Kaŵilikaŵili mudzauzidwa kuti mukambe na mlembiyo, ndipo kwa iye linki ni cida ca nchito, angaikonde kapena angakupatseni nthawi yake basi. Ngati abwana ali na linki yawo, seŵenzetsani yawo. Wamng'ono kulembetsa pa kalenda ya mkulu palibe amene angadabwe nazo.

Musanatumize, tsegulani linki yanu pa foni ya mnzanu muone zimene mlendo adzaona. Ine nditacita zimenezi manyazi anandigwila. Pamwamba panalembedwa "30 Minute Meeting", dzina limene Calendly imaika yokha, lopanda moni, losachula za nkhani kapena malo. Pansi pake masiku ambili anali otseka, ndipo mpata woyamba unali pambuyo pa masiku asanu na anayi. Tangoganizani: wapempha mkulu kuti akuthandize, iye watsegula, wapeza kuti ulibe nthawi yake mpaka sabata ya mawa. Ngati mutumiza linki kwa munthu amene mukumufuna ndinu, tsegulani mipata yambili m'masiku asanu oyandikila, ndipo dzina la tsambalo likambe za nkhani yanu.

Cina cimene makina sadziŵa ni mseu wa Kafue. Kucoka ku Lusaka kufika kuno ni makilomita opitilila 40, ndipo aliyense amene akuŵelenga izi ali pa mpando wa kumbuyo adziŵa kuti minibasi siinyamuka isanadzale, ndiponso kuti madzulo pakati pa Kafue Roundabout na Makeni mungathe kukhala nthawi yaitali osasuntha. Kalenda yanga inali kuonetsa kuti ndili na mpata 16:00 cifukwa nchito ya mu tauni inali kutha 15:30. Mdala akanasankha ola limenelo, akanakhala pa khonde kundiyembekeza ine ndikali pa Chilanga. Pali poikila nthawi yopumila pakati pa zokumana, koma ine ndinaona capafupi kungotseka maola aŵili athunthu tsiku lililonse limene ndicokela ku Lusaka. Kutumiza linki kenako n'kufika mocedwa pa ola limene munthu wasankha pa kalenda yako yomwe, kumeneko ndiye kulakwa kuŵili.

Onaninso kuti kalenda yanu ili pa nthawi ya kuno. Zambia ili maola aŵili kutsogolo kwa nthawi ya Greenwich caka conse. Ngati akaunti munaitsegula pa kompyuta yobweleka imene ili pa nthawi ya dziko lina, mpata umene munaika 09:00 udzaonekela kwa mlendo pa ola lina. Mukatsegula pa foni ya mnzanu mudzacigwila msanga.

Nanga mudziŵa bwanji kuti linki yakhumudwitsa? Munthu wamkulu sadzakuuzani. Cizindikilo ni uthenga woŵelengedwa koma wosayankhidwa kwa masiku aŵili, kapena yankho lalifupi monga "tidzaona", kapena kumva nkhani yanu ikubwela kudzela mwa wacibale monga zinandicitikila ine. Zikatele musatumizenso linki ija na mau akuti mwina simunaione. Anaiona. Fonani, kapena ngati ni pafupi yendani.

Pa Cinayi ndinafika kunyumba kwawo 09:45. Mamineti 30 amene ndinapempha anasanduka maola aŵili, cifukwa nkhani ya mafakitale siingayambe musanakambe za mvula, za malaiti na za azakhali anga. Ndikanakhala kuti ndinasiya 10:30 yotsegula pa linki, wina akanailembetsa, ndipo ndikanayamba kuyang'ana pa foni mdala ali pakati pa nkhani. Potsazikana anandipempha ndiwaonetse cinthu cija ndinawatumizila. Anavala magalasi, anayendetsa cala pa masiku a mwezi, nafunsa kuti nanga maliro akagwa, makinawa amadziŵa bwanji. Ndinawauza kuti pali potinika kuti musinthe tsiku, koma pali mu imelo ija imene iwo alibe. Anandibwezela foni, nati ndikafuna kubwelanso ndizingofona.