Kulemba Filimu Anthu Asanayankhule

Wokonza filimu ya zochitika zenizeni amayamba kulemba asanayatse kamera. Mwachitsanzo, wofuna kujambula filimu ya mphindi 30 yonena za asodzi a usipa amagawa pepala pawiri: kumanzere amalembako zimene diso lidzaone, kumanja zimene khutu lidzamve. Kumanzere angalembe nyali za asodzi zikuwala panyanja usiku, kumanja kulira kwa injini ya boti.

Pamalo pa mawu a msodzi pamasiyidwa mpata. Pamalembedwa funso lokha, monga lakuti usipa ukasowa banja limadya chiyani. Wolemba akalemberatu yankho, ndiye kuti walakwitsa kale, chifukwa kugombe adzangokakamiza msodzi kunena zimene zili papepala.

Asodziwo akayankhula, ndondomeko ija imalembedwanso.