Alamu Yodziwa Nthawi Yotanganidwa

Webusayiti yowonetsa mafilimu imachulukira anthu madzulo aliwonse akaweruka kuntchito, makamaka Loweruka. Alamu yoikidwa pa malire amodzi, monga mapempho 1,000 pa sekondi, imangolira usiku ndi usiku, mpaka akatswiri amatopa nayo n'kusiya kuisamala. Choipa kwambiri n'chakuti mapempho akakwera mwadzidzidzi m'bandakucha, kuchoka pa 100 kufika pa 600, alamuyo imakhala chete.

Njira yabwino ndiyo kuyerekeza Lachiwiri madzulo ndi Lachiwiri lapitalo, ola lomwelo, osati ndi masana kapena Loweruka. Pulogalamu ya Prometheus imachita zimenezi ndi mawu akuti `offset 1w`. Komabe sabata imodzi siikwanira: ngati Lachiwiri lapitalo linali latchuthi, alamu idzanama. N'chifukwa chake akatswiri amatenga masabata anayi, n'kugwiritsa ntchito nambala yapakati.