Miyezi Ikasokonekera pa Galafu: Kakonzedwe ka Mzere wa Nthawi mu Excel

Galafu yosonyeza mvula, malonda kapena ndalama za mwezi ndi mwezi imawerengedwa kuchokera kumanzere kupita kumanja, ndipo wowerenga amayembekezera kuti miyezi yolembedwa m'munsi mwake ikutsatana monga imachitira pa kalendala. Koma nthawi zina galafu imatuluka Disembala ali poyamba, Epulo akumutsatira, Novembala ali kumapeto. Nthawi zina miyezi imatsatana bwino, koma mwezi umene sunalembedwe umangosowa osasiya mpata, kotero Januwale ndi Malichi amaima mogundana ngati pakati pawo palibe kanthu. Mavuto awiriwa gwero lake ndi limodzi: kompyuta ikuona madetiwo ngati mawu wamba, osati ngati nthawi.

Excel imasunga deti lililonse ngati nambala. Pa makompyuta ambiri kuwerenga kumayambira pa 1 Januwale 1900, tsiku limene lili ndi nambala 1, ndipo tsiku lililonse lotsatira limawonjezerapo 1. Motero 1 Novembala 2023 ndi 45231, pamene 1 Januwale 2024 ndi 45292. Zimene zimaoneka m'kabokosi, monga 01/11/2023, ndi maonekedwe chabe. Pansi pake pali nambalayo. Nambalayi ndiyo imathandiza pulogalamuyi kudziwa tsiku loyamba ndi lotsatira, komanso kutalikirana kwa masiku awiri. Kabokosi kolembedwa mawu akuti Novembala kalibe nambala yotere. Kwa Excel mawuwa sasiyana ndi dzina la munthu kapena la mudzi, ndipo ikauzidwa kuti isanje, imatsatira alifabeti basi.

Galafu wamba ya Excel siisanja mawu payokha. Imangotsatira mmene mizere ya tebulo yaikidwira. Chisokonezo chimabwera wina akadina `Sort A to Z` pa tebulo, kapena galafu ikapangidwa kuchokera ku `PivotTable`, imene imasanja yokha zonse zoikidwamo. Mayina a miyezi a Chingerezi akaima paokha, monga `Jan` ndi `Feb`, `PivotTable` imawadziwa chifukwa ali pa mndandanda umene Excel imabwera nawo. Mayina a Chichewa sali pa mndandandawo, choncho amene amalemba matebulo m'Chichewa amakumana ndi vutoli kawirikawiri.

Chitsanzo chabwino ndi tebulo la mvula ya nyengo imodzi ya dzinja, kuyambira Novembala 2023 mpaka Epulo 2024, lolembedwa ndi mlangizi wa zaulimi. M'kolamu A muli mayina a miyezi m'Chichewa, m'kolamu B muli chaka, ndipo m'kolamu C muli mamilimita a mvula. Mwezi wa Febuluwale sunalembedwe chifukwa choyezera mvula chinawonongeka. Tebuloli likasanjidwa motsatira alifabeti, timizati ta galafu timaima motere: Disembala, Epulo, Januwale, Malichi, Novembala. Manambala onse ndi olondola, koma chithunzi chake chikunama. Woona galafuyo angaganize kuti mvula inayamba mwamphamvu, kenako n'kutsika mwadzidzidzi mwezi wachiwiri, pamene zoona zake n'zakuti mwezi womaliza wa dzinja waikidwa pamalo osayenera.

Munthu asanakhudze galafu, ayambe wafufuza tebulo. Ngati palibe amene anasintha makonzedwe a timabokosi, manambala ndi madeti enieni amatsamira kumanja, pamene mawu amatsamira kumanzere. Umboni wodalirika kuposa pamenepo ndi fomula iyi, yolembedwa m'kabokosi kopanda kanthu:

```
=ISNUMBER(A2)
```

Yankho lakuti `TRUE` likutanthauza kuti m'kabokosi A2 muli nambala, ndipo lakuti `FALSE` likutanthauza kuti muli mawu, ngakhale atamaoneka ngati deti ndithu. Ambiri amalakwitsa pano posankha kolamu yonse n'kuipatsa maonekedwe a `Date`, poganiza kuti vuto latha. Kusintha maonekedwe sikusandutsa mawu kukhala nambala. Njira yotsimikizira ndi kupatsa kabokosiko maonekedwe a `General`: deti lenileni limasanduka nambala monga 45231, koma mawu amakhala mmene analili.

Pa tebulo la mvulali, kukonza kwenikweni ndi kupanga kolamu yatsopano ya madeti enieni. Mayina 12 a miyezi amalembedwa pambali motsatana bwino, kuyambira Januwale m'kabokosi H1 mpaka Disembala m'kabokosi H12. Kenako m'kabokosi D2 mumalembedwa fomula iyi, n'kuikokera pansi mpaka mzere womaliza:

```
=DATE(B2,MATCH(A2,$H$1:$H$12,0),1)
```

Gawo la `MATCH` limafufuza dzina la mwezi pa mndandanda uja n'kubweza malo ake, kotero Novembala amapereka 11. Gawo la `DATE` limaphatikiza chaka, mwezi ndi tsiku loyamba la mweziwo kukhala deti lenileni, 1 Novembala 2023. Tsiku loyambalo likungoimira mwezi wonse, chifukwa deti silingakhalepo lopanda tsiku. Kabokosi kena kakaonetsa `#N/A`, ndiye kuti kalembedwe ka mwezi pa mzere umenewo kakusiyana ndi ka pa mndandanda, mwina wina analemba Juni pamene wina analemba Juuni, kapena pali mpata wosaoneka kumapeto kwa dzinalo. Kalembedwe kamakonzedwa pamanja, pamene mpata umachotsedwa polemba `TRIM(A2)` m'malo mwa `A2`.

Matebulo ena amabwera kale ndi madeti athunthu, monga 13/04/2024, koma osungidwa ngati mawu. Izi zimachitika kwambiri ndi mafayilo a `CSV` otengedwa ku pulogalamu ina. Njira yachidule ndi kusankha kolamuyo, kupita pa `Data`, kudina `Text to Columns`, ndipo pa sitepe yachitatu kusankha `Date` ndi `DMY`, kutanthauza kuti tsiku lili poyamba, mwezi pakati, chaka kumapeto. Apa pamafunika kusamala kwambiri. Ku Malawi deti limalembedwa kuyambira ndi tsiku, koma makompyuta ambiri amabwera atatcheredwa mwa kalembedwe ka ku Amereka, komwe mwezi ndiwo umayamba. Kompyuta yotere imawerenga 03/04/2024 ngati 4 Malichi m'malo mwa 3 Epulo, ndipo 13/04/2024 imangomusiya ngati mawu chifukwa kulibe mwezi wa 13. Chizindikiro chake n'chosavuta kuchiona: madeti a masiku 1 mpaka 12 atsamira kumanja, otsalawo atsamira kumanzere. Kolamu yotere ndi yoopsa kuposa ya mawu okhaokha, chifukwa madeti amene akuoneka abwinowo ndi amene atembenuzidwa. Kukonza otsamira kumanzere okha sikukwanira. Chanzeru ndi kulowetsanso fayilo yoyambayo kudzera pa `From Text/CSV`, n'kuiuza pulogalamuyo kalembedwe koyenera ka madeti isanawamasulire yokha.

Madeti akakhala enieni, galafu imapangidwa kuchokera ku kolamu D ndi kolamu ya mamilimita. Kenako munthu amadina ndi batani la kumanja la mausi pa miyezi ya m'munsi mwa galafu n'kusankha `Format Axis`. Pansi pa `Axis Type` pali zosankha zitatu: `Automatically select based on data`, `Text axis` ndi `Date axis`. Choyambacho nthawi zambiri chimazindikira madeti chokha, koma kusankha `Date axis` mwachindunji kumachotsa chikaiko. Pansi pa `Units`, pa `Base` pasankhidwe `Months`. Pakakhala `Days`, timizati timaonda ngati singano chifukwa galafu ikusungira malo tsiku lililonse la nyengoyo. Pomaliza, pa `Number` palembedwe `mmm-yy` kuti miyezi ioneke ngati `Nov-23`. Chaka chisachotsedwe pa galafu yodutsa zaka ziwiri.

Zotsatira zake ndi ziwiri. Timizati timaima kuyambira Novembala 2023 mpaka Epulo 2024 ngakhale mizere ya tebulo ikhale yosokonekera, chifukwa `Date axis` imasanja yokha motsatira nthawi. Chachiwiri, pakati pa Januwale ndi Malichi pamaoneka mpata pamalo a Febuluwale. Mpata umenewu usatsekedwe polembapo 0, chifukwa 0 amatanthauza kuti mvula sinagwe, pamene zoona n'zakuti sinayezedwe. Mawu ochepa pansi pa galafu ofotokoza chifukwa cha mpatawo ndi okwanira.

Pali njira ina imene anthu amaikonda chifukwa ndi yofulumira: kuphunzitsa Excel mayina a Chichewa. Pa `File`, `Options`, `Advanced` pali batani la `Edit Custom Lists`, pomwe miyezi 12 ingalembedwe motsatana, ndipo posanja tebulo pamasankhidwa `Custom List`. Njirayi imathandiza pa tebulo la chaka chimodzi, Januwale mpaka Disembala. Pa nyengo ya dzinja imalephera, chifukwa mndandandawo sudziwa chaka: Januwale 2024 amaikidwa patsogolo pa Novembala 2023. Komanso mndandandawo umasungidwa pa kompyuta imene unalembedwapo, choncho sungadaliridwe ndi mnzake wa ntchito amene akupanga tebulo latsopano pa kompyuta ina. Vuto lofanana limapezeka mu `PivotTable` madeti akasonkhanitsidwa ndi `Group` posankha `Months` yokha: Januwale wa zaka zonse amaphatikizidwa m'kamzati kamodzi. `Years` iyenera kusankhidwa limodzi.

`Date axis` nayo ili ndi malire ake. Siiona maola, choncho miyezo ingapo ya tsiku limodzi imaunjikana pamalo amodzi. Pa miyezo ya ola ndi ola pamafunika galafu ya mtundu wa `Scatter`. Ndiponso maonekedwe a `mmm` amatulutsa mayina a miyezi m'chinenero chimene kompyuta inatcheredwa, chomwe kawirikawiri ndi Chingerezi. Ngati galafu ikupita kwa alimi ndipo miyezi iyenera kuwerengeka m'Chichewa, tebulo lisanjidwe kaye ndi kolamu D pogwiritsa ntchito `Sort Oldest to Newest`, mzere wa Febuluwale uwonjezedwe pamanja kabokosi kake ka mvula kali kopanda kanthu, kenako galafu itenge mayina a m'kolamu A pa `Text axis`. Galafu yotere imakhala yolondola pokhapokha ngati tebulo lisanjidwanso ndi kolamu ya madeti nthawi iliyonse imene mwezi watsopano wawonjezedwa.